Mijigo ya ku Lilongwe yapezeka m'nyanja pafupi ndi Morocco

"Achimwene, ndili ndi fayilo ya mijigo ya m'boma la Lilongwe. Ndikaiika mu pulogalamu ya mapu ya QGIS madontho onse akupita pakati pa nyanja, kufupi ndi Morocco. Kodi GPS yathu ndi yowonongeka? Abwana akufuna mapu Lachisanu."

Achemwali, imelo yanu nditaiwerenga ndinaseka ndekha, osati kukusekani inu ayi, koma pokumbukira tsiku limene ine ndinatuluka thukuta ndi nyanja yomweyo. GPS yanu ilibe mlandu, isiyeni.

Ndiyambe ndi nkhani yanga. Zaka zingapo zapitazo ndinapeza ganyu ku bungwe lina, dzina tisatchule, yosonkhanitsa malo a mijigo ndi zitsime m'maboma awiri. Gulu lina la anyamata linkagwiritsa ntchito mafoni okhala ndi fomu ya KoboToolbox. Gulu lina linali ndi GPS zam'manja zakale zija, kuwerenga manambala, kulemba m'kope, madzulo wina n'kumataipa mu Excel. Ine ntchito yanga inali kulumikiza mafayilo awiriwo n'kutulutsa mapu. Nditatsegula, pa Malawi panali madontho ochepa, ena onse ali kutali kumpoto cha kumadzulo, pamadzi okhaokha. Ndinati aa, izi n'zodziwika, makolamu atembenuzika. Ndinangosinthanitsa mayina a pamwamba, lat kukhala lon, lon kukhala lat, ndikudzimva ukatswiri. Ndikutsegulanso: omwe anali m'nyanja abwera kumudzi, omwe anali kumudzi apita m'nyanja. Ndinachita zimenezi kawiri konse ndisanazindikire kuti vuto silinali m'kolamu yonse koma m'mizere ya gulu limodzi lokha. Wotaipa uja ankayamba ndi nambala yaikulu, poti kwa iye inkaoneka yoyenera kukhala patsogolo.

Nanga bwanji Morocco, osati kwina? Lilongwe ali pa latichudi pafupifupi -13.98 ndi longichudi 33.78, kutanthauza madigiri 14 kumwera kwa ikweta ndi madigiri 34 kum'mawa kwa Greenwich. Mukawatembenuza, kompyuta imawerenga kuti madigiri 33.78 kumpoto, 13.98 kumadzulo. Malo amenewo ali m'nyanja ya Atlantic, makilomita pafupifupi 600 kumadzulo kwa Casablanca. Blantyre, amene ali pa -15.79 ndi 35.01, amakagwera kumpoto kwa chilumba cha Madeira. Dziko lathu lonse limakagona chopingasa pamadzi pamenepo, Karonga mutu kuloza gombe la Morocco, Nsanje miyendo kuloza pakati pa nyanja. Mukayang'anitsitsa madontho anuwo muona kuti mpangidwe wa boma lanu udakalipo, wangogona cham'mbali. Madontho akanakhala a GPS yowonongeka akanamwazikana, sakanasunga mpangidwe.

Apa ndipsa mtima pang'ono, mundikhululukire. Anthu amakonda kuimba mlandu wotaipa, koma chisokonezochi chinayambira kwa akuluakulu opanga mapulogalamu. Kusukulu tinaphunzira kutchula latichudi poyamba, ndipo Google Maps imakupatsani choncho. KoboToolbox nayo imasunga latichudi, longichudi, kutalika kwa malo kuchokera panyanja, kenako kulondola kwake. Koma mapulogalamu a mapu amaganiza za X ndi Y, ndipo X ndi yopita kum'mawa ndi kumadzulo, ndiye kuti longichudi. Fayilo ya mapu ya mtundu wa GeoJSON, malinga ndi malamulo ake a RFC 7946 a mu 2016, imafuna longichudi poyamba. KML chimodzimodzi. Pomwe EPSG:4326, njira yolembera manambala a malo imene tonse timasankha osaganiza, m'kaundula wake imati latichudi poyamba. Munthu wamba alakwa chiyani pamenepa? Ine ndinafika poti fayilo yokhala ndi makolamu otchedwa X ndi Y basi, kapena "GPS1" ndi "GPS2", ndimaibweza kwa mwini wake. Alembe mayina athunthu. Ena amati ndine wovuta, chabwino.

Chinanso chimene chimandinyansa ndi malangizo ofala aja akuti ingoonani ngati latichudi yadutsa 90. Ku Japan zimathandiza, chifukwa longichudi ya Tokyo ndi pafupifupi 139.7, ndipo ikalowa m'malo a latichudi pulogalamu imakana. Kwathu kuno manambala onse awiri ndi ochepera 90, choncho palibe chimene chimalira. Fayilo imalowa bwinobwino ngati mlendo woitanidwa. Komabe tili ndi mwayi kuposa anzathu a ku Egypt. Cairo ali pa 30.04 ndi 31.24, mukatembenuza, dontho limangosuntha kupita kufupi ndi Alexandria, m'dziko lomwelo, ndipo munthu akhoza kusindikiza mapu osadziwa kanthu. Ife nyanja imatichenjeza.

Ndiye muchite chiyani Lachisanu lisanafike

Poyamba onani fayilo yeniyeniyo. Malawi ali pakati pa latichudi -9.3 ndi -17.2, ndi longichudi 32.6 ndi 36.0. Latichudi yathu nthawi zonse ili ndi mainasi, longichudi ilibe. Ngati mu fayilo zonse zili m'malo mwake, ndiye kuti munasokoneza poilowetsa mu QGIS. Pa Add Delimited Text Layer, X field ikhale longichudi, Y field ikhale latichudi. Poti mwati madontho onse apita m'nyanja, ndikuganiza kuti nkhani yanu ithera pomwepa.

Ngati ndi mizere ina yokha, musachite zanga zija. Sungani fayilo yoyambayo osaikhudza, gwirani ntchito pa ina. Tinene kuti mu Excel latichudi ili mu B ndipo longichudi mu C. Mu D2 ndi E2 lembani izi, n'kukokera pansi:

```
=IF(AND(B2>32,C2<0),C2,B2)
=IF(AND(B2>32,C2<0),B2,C2)
```

Mzere wolakwika wokha ndi umene utembenuke, wabwino ukhala momwe unalili. Kwa ogwiritsa ntchito pandas mu Python:

```python
t = df.lat.between(32.6, 36.0) & df.lon.between(-17.2, -9.3)
df.loc[t, ["lat", "lon"]] = df.loc[t, ["lon", "lat"]].values
```

Musaiwale `.values` kumapetoko. Popanda iyo pandas imayanjanitsa makolamu potsata mayina awo, palibe chimasintha, ndipo siikuuzani. Onjezaninso kolamu yosonyeza mizere imene mwakonza, kuti wobwera pambuyo panu asadzaitembenuzenso.

Padzatsala madontho ena amakani, ndipo komwe agwera ndi komwe kumaulula matenda ake. Dontho la Lilongwe likapezeka ku Sudan, kumwera kwa Khartoum, wina anaiwala mainasi. Likapezeka m'nyanja ya Mediterranean kumpoto kwa Libya, mainasi anaiwalika ndipo makolamu anatembenuzikanso. Likakhala pa 0 ndi 0, m'nyanja kumwera kwa Ghana, palibe chotembenuza: malowo sanalembedwe n'komwe, ndipo wina ayenera kupalasa njinga kubwerera ku mjigowo.

Mukamaliza, musakhutire poona kuti madontho alowa m'malire ndatchula aja, chifukwa mkati mwake mulinso Tete ndi Lichinga, mizinda ya ku Mozambique. Tengani mapu a maboma, gwiritsani ntchito Join attributes by location, muyerekeze boma limene dontho lagwera ndi boma lolembedwa pa fomu. Pa ganyu yanga ija, njira imeneyi inanditulutsira mijigo ina isanu ndi iwiri imene inali pamtunda, m'Malawi momwemuno, koma m'boma lolakwika, chifukwa 34 anataipidwa ngati 35. Digiri imodzi yokhayo ndi makilomita opitirira 100.