Tchuthi cha mayeso: "palibe vuto" wa pakamwa anandidyera masiku asanu ndi awiri

"Ndikulemba mayeso a ukatswiri wa maakaunti a ACCA mu Disembala. Ndikufuna abwana andipatse tchuthi chowerengera koma malipiro asadulidwe. Kalata yake ndilembe bwanji?"

Achemwali, funso lanuli landikumbutsa chilonda. Chaka chomwe ndinkalemba mayeso anga achiwiri ndinkagwira ntchito pakampani ina ku Limbe. Ndinakumana ndi abwana pakhonde, iwo ali ndi makiyi a galimoto m'manja, ndipo nditawauza za mayeso anati, "Palibe vuto, mukakhoze bwino." Ndinakawerenga mtima uli m'malo. Nditapempha tchuthi cha Khirisimasi choti ndikaone amayi kumudzi, a kuofesi yoona za antchito ananditsegulira faelo: masiku asanu ndi awiri anali atachotsedwa kale pa tchuthi changa cha pachaka. Abwana aja sanakane kuti tinakambirana, koma pepala panalibe. Chaka chimenecho amayi sanandione.

Lamulo la ntchito la 2000 limapereka tchuthi cha pachaka cha masiku osachepera 15 kwa ogwira masiku asanu pasabata, ndi 18 kwa ogwira masiku asanu ndi limodzi. Tchuthi chowerengera mayeso chimadalira malamulo a kampani yanu, choncho yambani mwawerenga chikalata chomwe munasayina polowa ntchito. Ine ndimati kampani yomwe idzadyerere satifiketi yanu siyenera kukulipitsani masiku owerengera, koma zimenezo musazilembe m'kalata.

Chinanso, mayeso a ACCA amagwa sabata yoyambirira ya Malichi, Juni, Seputembala ndi Disembala, nthawi yomwe ofesi ya maakaunti ikutseka mabuku a mwezi wathawo. Abwana akamazengereza, mtima wawo uli pamenepo. Ayankheni asanafunse, ndipo kalatayo ifike patebulo pawo kukadali mwezi wathunthu.

Mwina mudzailemba m'Chingerezi, koma mfundo zake zikhale izi, masikuwo musinthe kuti agwirizane ndi anu:

"Bwana, ndikupempha tchuthi cholipidwa cha masiku 9 ogwira ntchito, kuyambira Lolemba pa 24 Novembala mpaka Lachinayi pa 4 Disembala, kuti ndikonzekere ndi kulemba mayeso a ACCA. Pepala loyamba ndilemba pa 1 Disembala, lachiwiri pa 4 Disembala, ndipo ndidzabwerera pantchito Lachisanu pa 5 Disembala. Ndikupempha kuti masikuwa asachotsedwe pa tchuthi changa cha pachaka. Ntchito yotseka mwezi ndagwirizana ndi mnzanga wa muofesi kuti andigwirire, ndipo ndidzamusiyira zonse pofika pa 21 Novembala. Ndaphatikiza umboni wolembetsera mayeso."

Akakuuzani kuti masiku 9 achuluka, gwirani awiri a mayesowo kuti akhale olipidwa, enawo mukambirane. Akavomera, asayine papepala lomwelo, kope imodzi ipite mufaelo yanu, ina mupite nayo kunyumba.