Mgwirizano wa thandizo wa masamba ambiri: anzanu a kumudzi muwapatse chiyani?

"Bungwe lathu lalandira thandizo la European Union loyendetsera ntchito ya ulimi. Abwana akuti ndifupikitse mgwirizano kuti anzanga a pulogalamu aumve. Ndiyambire pati?"

Mayi, yambirani pa Special Conditions, musathamangire General Conditions. Pa zigawo ziwiri za mgwirizanozi, Special Conditions ndicho chachifupi, chimene chili ndi tsiku loyamba ntchito, kutalika kwake ndi ndalama zonse, ndipo pakakhala kusiyana pakati pa ziwirizi, chimatsatidwa ndi chimenechi. Chidule chanu chisapose masamba awiri, ndipo pa mfundo iliyonse lembani nambala ya ndime imene mwaitenga, kuti pakabuka mkangano anthu akawerenge okha.

Pa masiku a malipoti ndi pamene ndikufuna mukhazikike. Kulemba kuti "lipoti lipite pasanathe masiku 60" sikuthandiza aliyense. Werengerani tsiku lenileni. Ngati ntchito inayamba pa 1 Malichi 2024, miyezi 12 yoyamba ikutha pa 28 Febuluwale 2025, ndiye lipoti lifike kwa opereka thandizo pofika 29 Epulo. Kenako bwererani m'mbuyo: malisiti ndi mapepala osainira alawansi achoke ku maboma pofika 15 Malichi, akauntanti atseke mabuku pofika 31 Malichi, abwana awerenge mkati mwa Epulo. Mlangizi amene ali ku Mchinji afunika kuona 15 Malichi, chifukwa mukamuonetsa 29 Epulo adzabweretsa malisiti pa 28.

Za ndalama zololedwa, mfundo imene imagwetsa ambiri ndi ya nthawi. Ntchito iyenera kuchitika mkati mwa nthawi ya mgwirizano. Maphunziro a alimi ochitika sabata imodzi pulojekiti itatha sawerengedwa, ngakhale holo munalipiriratu. Lembaninso kuti zotayika posintha ndalama sizibwezedwa, ndipo tonse tinaona mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama zoyendetsera bungwe sizidutsa 7 peresenti ya ndalama zololedwa za ntchitoyo.

Lamulo la 25 peresenti lilembeni ndi chitsanzo. Ngati mutu wa maulendo mu bajeti uli ndi mayuro 40,000, mungauwonjezere kapena kuuchepetsa ndi mayuro osapitirira 10,000 popanda kusintha mgwirizano, bola mudziwitse opereka thandizo polemba ndipo cholinga cha ntchito chisasinthe. Koma zosinthazi zimaphatikizana. Mukawonjezera 6,000 mu Juni ndi 5,000 mu Okutobala, mwafika 11,000, mwadutsa malire, ndipo panafunika kupempha kusintha mgwirizano kudakali masiku 30 kusinthako kusanayambe kugwira ntchito. N'chifukwa chake ine ndimafuna dzina la munthu mmodzi wosunga chiwerengerochi lilembedwe pachidulepo.

Mukamaliza, akauntanti achifananize ndi mgwirizano umene munasaina musanachigawe, popeza malamulowa amasinthidwa zaka zina ndipo okugwirani ndi amene ali m'pepala lanulo.