Lipoti la Lachisanu limene abwana angayankhe

"Ndimayang'anira ntchito yomanga buloko ya makalasi awiri kuno ku Dedza. Lachisanu lililonse ndimatumiza lipoti lalitali pa imelo kwa abwana ku Lilongwe, koma kuli zii. Mwezi watha simenti itatha anandikalipira kuti sindinawauze, chonsecho ndinalemba. Ndizilemba bwanji?"

Achemwali, zoti munalemba sindikukayika. Funso langa ndi lakuti nkhani ya simentiyo munaiika pati. Ndikuganiza kuti inali cha kumunsi, mutafotokoza kale za msonkhano wa komiti ya sukulu ndi ulendo wa amfumu. Abwana anu amawerenga pa foni, mwina ali m'galimoto, ndipo pulojekiti yanu si yokhayo ili pamutu pawo. Chimene diso lawo likusaka ndi chimodzi: pali chofuna ine apa?

Ndiye chofuna iwocho chizikhala pamwamba, pamalo omwewo sabata iliyonse. Mutu wa imelo usamasinthenso, kupatula deti ndi mtundu: wobiriwira ngati zonse zili m'chimake, wachikasu ngati pali chokayikitsa koma mungathane nacho, wofiira ngati tsiku lomaliza kapena bajeti yaphonyeka kale. Ine ndikanalemba chonchi:

Mutu: Buloko ya Dedza, 17 Okutobala, WACHIKASU

ZOTI MUGAMULE: Simenti. Tatsala ndi matumba 25, pa sabata timagwiritsa 20, ndiye itithera cha pa 27 Okutobala. Tigule matumba 60 pa boma pompano pa mtengo wokwererapo, kapena tidikire lole ya ku Lilongwe ya pa 3 Novembala, amisiri akhale sabata yathunthu manja lende. Ine ndikuona kuti tigule konkuno. Oda imatenga masiku 3, choncho yankho lifike pofika Lachitatu pa 22.

POMWE TAFIKA: Zipupa za kalasi yoyamba zafika pa lintala. Za yachiwiri zili pa mawindo; tinalonjeza lintala, tachedwa masiku 2 chifukwa cha mchenga.

ZOMWE ZINGASOKONEZE: Mvula ikayamba denga lisanafoleredwe, pulasitala aima ndipo lole ya malata siifika, msewu wathu umaterera. Tikufuna malata akhale pamalo pofika 7 Novembala. Akutsata ndi akapitawo.

SABATA YA MAWA: Lintala ya kalasi yachiwiri, oda ya matabwa a denga.

Basi, kutha kwake n'komweko. Zithunzi ndi malisiti zipite ngati zomata, wofuna atsegula.

Taonani ndime ya simenti ija. Sinanene kuti "simenti ikuchepa", chifukwa mawu amenewo abwana angowerenga n'kugwedeza mutu. Yatchula matumba otsala, tsiku lothera, njira ziwiri, imene inu mwasankha, ndi tsiku loyankhira limene mwalipeza powerenga chobwerera kuchokera pa 27. Munthu atha kuyankha "gulani" ali pa mzere wa mafuta. Mukangolemba kuti "tikupempha upangiri wanu", mwawapatsa homuweki, ndipo homuweki imadikira Lolemba. Sabata imene palibe chogamula, musachotse kamutuko. Lembani kuti "palibe". Akazolowera kuona "palibe", tsiku limene papezeke mawu aima n'kuwerenga.

Pamene ambiri timasokoneza ndi pa zomwe zingasokoneze. Timathirapo mavuto ochitika kale. Mchenga umene unachedwa ndi mbiri, malo ake ndi pa kamutu ka POMWE TAFIKA. Mvula ndiye sinagwe, ndipo mpata wochitapo kanthu ulipo. Chilichonse cholembedwa pamenepo chikhale ndi mwini wake ndi deti, apo ayi chizingobwerezedwa sabata ndi sabata mpaka aliyense atasiya kuchiona. Ziwiri kapena zitatu zakwana. Chikakula mpaka kufuna ndalama kapena siginecha, chikwezeni chipite pa zoti agamule.

Maperesenti ndimawaopa. Ndinagwirapo pa bungwe lina kumene lipoti langa linkati "90 peresenti" masabata anayi otsatizana, ndipo sindinkanama: zitseko, magalasi ndi penti zinkaoneka zazing'ono m'maso mwanga. Bwana atabwera anapeza ana akuphunzirabe pansi pa mtengo. Kuyambira pamenepo ndimalemba chinthu choti munthu angachiloze ndi chala, n'kuchiyerekeza ndi chimene ndinalonjeza Lachisanu lapitalo. Ntchito yake ya kamutu komaliza kaja ndi imeneyo: zolemba lero pa SABATA YA MAWA ndi zomwe mudzayankhe pa POMWE TAFIKA Lachisanu likudzalo.

Za mtundu, musaope wachikasu. Choopsa ndi kulumpha kuchoka pa wobiriwira n'kugwera pa wofiira, pakuti zikatero abwana amadziwa kuti munkaona koma munakhala chete.

Nanga Lachitatu likafika osayankha? Imeloyo si mfiti. Imbani foni m'mawa, nenani kuti "za simenti zija, lero ndi tsiku lomaliza", ndipo akayankha pakamwa, tumizani mzere umodzi pansi pa imelo yomweyo: "Monga tagwirizana pa foni, ndikugula matumba 60 pa boma."