Apongozi akuti ndimawabera ndalama: kodi ndi ukalamba chabe?

Amayi alangizi,

Ndimakhala ku Kapata muno mu Chipata, ndipo tikusunga makolo a amuna anga. Apongozi aamuna, a zaka 78, amaiwala mayina a adzukulu koma amadzawakumbukira pakapita kanthawi. Apongozi aakazi, a zaka 72, amafunsa funso limodzi kangapo pa ola limodzi, mwezi watha anasochera pochokera kutchalitchi, ndipo tsopano akuti ndimawabera ndalama. Amuna anga akuti ndi ukalamba, pamene abale ena ayamba kunong'ona za ufiti. Ndichite chiyani?

Mpongozi wodandaula

Mwana wanga,

Amuna anu akulondola pa bambo awo, koma pa mayi awo ndikukayika. Munthu akamakalamba bwinobwino, ubongo umachedwa kutulutsa zimene unasunga, n'chifukwa chake dzina limathawa kenaka n'kubwera lokha, kapena limabwera wina akatchula chiyambi chake. Kuchita zinthu ziwiri nthawi imodzi kumavutanso, koma mawu, luso la ntchito ndi nzeru zoweruzira nkhani zimakhalapobe, ndipo munthuyo amayendetsa yekha moyo wake.

Matenda a dimenshiya, amene amaononga ubongo pang'onopang'ono, ndi osiyana. Pa mtundu wofala kwambiri, wa Alzheimer, umene bungwe la zaumoyo padziko lonse limati umakhudza odwala 60 mpaka 70 mwa 100 alionse, chimene chimayamba kuonongeka ndi kusunga zinthu zatsopano. Yankho limene munapereka kwa apongozi aakazi silinakhazikike m'mutu n'komwe, choncho ngakhale muwakumbutse salipeza, chikhalirecho nkhani za pautsikana wawo amazifotokoza bwino. Za ndalamazo zimachokera pomwepo: amazibisa, kubisako sikusungika, ndiye akazisowa amaganiza kuti watenga ndi amene amakhala nawo pafupi. Musakangane nawo. Zifuneni nawo limodzi ndalamazo, ndipo dziwani malo amene amakonda kubisa.

Komabe musagamule nokha, chifukwa kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, kuvutika maganizo, kusamva bwino, mowa ndi mankhwala ena zimabweretsanso kuiwala, ndipo zambiri mwa izi zimachizika. Pitani nawo kukiliniki, kumene angakutumizeni ku chipatala chachikulu cha Chipata, mutatenga mankhwala onse amene amamwa. Mukafotokoze pamene vutoli linayambira ndi ntchito zimene aleka kuzitha, monga kuphika ndiwo kapena kuwerengera chenji. Ngati nzeru zawo zimatsika mwadzidzidzi, n'kukhazikika, n'kudzatsikanso, mukanene, pakuti zimenezi zimaloza ku timasitiroko ting'onoting'ono, makamaka kwa odwala kuthamanga kwa magazi. Koma akadzasokonezeka m'maola ochepa kapena m'masiku awiri, uku akuodzera kapena atatentha thupi, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa angakhale malungo kapena matenda a m'njira ya mkodzo.

Za ufitizo zikundidetsa nkhawa, pakuti nkhalamba yosochera imene yapezeka pakhomo pa eni usiku ikhoza kumenyedwa, ngakhale kuti malamulo a Zambia amaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Amuna anu ndiwo ayenera kuitana abale n'kuwafotokozera, osati inu, popeza ndinu amene mukunenezedwa. Adziwitsenso anansi, ndipo m'thumba la amayiwo muzikhala kapepala kolembedwa nambala yanu ya foni.