Yankho kwa alamu pa galimoto ya ku Mowatizi

"Ndapeza Toyota Corolla ku Mowatizi, wogulitsa wandionetsa livireti ndipo akufuna ndalama mawa. Ndilipire?"

Alamu, musalipire kaye, chifukwa livireti yokha sikuuzani mwini galimoto. Livireti imafotokoza galimotoyo: nambala yake yapamsewu, mtundu, utoto, ndi nambala ya chasisi. Dzina la mwini limakhala pa pepala lina, titulo ya umwini, imene imachokera ku Konservatoriya yolembetsera magalimoto. Muwapemphe mapepala onse awiri enieni, osati mafotokope, pamodzi ndi chiphaso chawo cha B.I., ndipo muone ngati dzina la pa titulo likufanana ndi la pa chiphasocho, komanso ngati nkhope ya pachithunzi ndi ya munthu amene waima pamaso panu.

Kawirikawiri mayinawo amasiyana, ndipo wogulitsa amati anagula kwa wina koma sanasinthe dzina. Mwina akunena zoona, koma amene angasainire kuti galimoto ilowe m'dzina lanu ndi wolembedwa pa titulo yekha, kapena munthu amene iye wamupatsa mphamvu ndi kalata yotsimikizidwa kwa notariyo. Popanda zimenezi, mudzakhala mukuyendetsa galimoto ya munthu amene simukumudziwa.

Tsopano nambala ya chasisi. Magalimoto ambiri ali ndi zilembo ndi manambala 17, ndipo mulibemo I, O kapena Q. Koma amene anagwirapo ntchito ku Japani amakhala ndi nambala yaifupi. Ngati Corolla yanuyo ndi ya gulu la NZE121, nambala iyamba ndi NZE121, kenako kamzere ndi manambala asanu ndi awiri. Pa Corolla ya gulu limeneli, mutsegule boneti masana, mupukute fumbi pachitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu, ndipo mupeza nambala yodindidwa m'chitsulo momwemo. Inu muziwerenga mokweza chilembo chimodzichimodzi, wina akutsatira pa livireti, ndipo musamale 8 ndi B, komanso 5 ndi S. Kachitsulo kokhomedwa ndi mariveti kakhalenso ndi nambala yomweyo, ngakhale ine sindikadalira kwenikweni, popeza sikavuta kusintha.

Muyendetse chala pamalo odindidwawo. Mukamva zokanda za galayindala, mukaona msoko wa kuwotcherera mozungulira nambala, utoto watsopano pamalo okhawo pamene kwina konse n'kothimbirira, kapena manambala osiyana msinkhu ndi kuzama, ndiye kuti alipo anagwirapo. Chilembo chimodzi chikasiyana, musavomere zoti ndi kulakwitsa kwa kalaliki. Akakonzetse okha ku INATRO, bungwe la boma loona za magalimoto, asanalandire kanthu.

Zonse zikagwirizana, mupite nawo limodzi ku Konservatoriya mumzinda wa Tete, mukafunse ngati titulo imeneyo ilidi m'kaundula wawo ndiponso ngati galimotoyo siili pa chikole cha ngongole ya kubanki. Ndalama mupereke pa nthawi imene mwini akusaina mapepala osinthira dzina, ndipo ngati akukana kudikira mpaka pamenepo, muwasiye ndi galimoto yawo.