Dipoziti ya chipinda ku England: musatumize musanachione

"Ndapeza chipinda ku Leeds, koma mwininyumba akuti nditumize dipoziti ndisanafike. Nditumize?"

Ayi achimwene, ndalamazo zigwireni kaye. Mbava zimaba zithunzi za nyumba za eni, kenako zimati "ndili kunja, makiyi ndikutumizirani mukalipira." Mukangomva mawu amenewo, thawani. Pemphani ofesi yoona za malo ogona payunivesite yanu ikupatseni nyumba zodalirika, kapena mnzanu akalowe m'chipindamo, atsegule mpope, aone ngati makoma alibe nkhungu.

Ku England lendi ya pachaka ikachepera £50,000, dipoziti sipitirira lendi ya masabata asanu. Ngati mukulipira £120 pasabata, malire ndi £600. Mwininyumba aisungitse ku bungwe lovomerezeka ndi boma losunga madipoziti, monga DPS, TDS kapena mydeposits, pasanathe masiku 30 atailandira, ndipo akupatseni umboni. Koma mukamakhala naye m'nyumba imodzi, lamulo losungitsa dipozitili silikukhudzani.