Thiransifoma yanu sinafe, yalumikizana molakwika ndi kebulo yake

"Bambo, ndimayang'anira zamagetsi pa fakitale ya matabwa ku Luwinga. Tili ndi thiransifoma ya 200 kVA, yolandira 11 kV kudzera pa kebulo ya pansi pa nthaka ya mamita 600 yochokera pa polo pamene pali mafyuzi. Lamlungu usiku kukugwa mvula, makina onse ali ozimitsa, fyuzi imodzi inapsa. Thiransifoma inayamba kubangula, mababu a alonda anapsa, alesita imodzi inaphulika. Atabwezeretsa fyuzi zonse zili bwino. Kodi tigule ina?"

Achimwene, ndalamazo zisungeni. Ngakhale mutagula yatsopano n'kuiika pamalo omwewo, tsiku lina idzabangulanso, mwina kuposa iyi. Zimene munamva usiku umenewo mainjiniya amazitcha feroresonansi, ndipo gwero lake ndi mmene kebulo, thiransifoma ndi mafyuzi zalumikizidwira.

Tiyambe ndi kebulo. Mkati mwake muli mawaya atatu onyamula magetsi, otchedwa mafezi. Waya wa fezi iliyonse wakutidwa ndi pulasitiki, pamwamba pa pulasitikiyo pali chikuto cha kopa cholumikizidwa kunthaka. Zitsulo ziwiri zolekanitsidwa ndi pulasitiki ndiye kapasita imeneyo, chosunga magetsi, ndipo kebulo ikamatalika kapasitayo imakula. Masiku onse siivutitsa munthu, chifukwa mafezi atatu onse amakhala atagwiridwa ndi magetsi ochokera ku ESCOM.

Fyuzi imodzi ikapsa zinthu zimasintha. Onani chimbale cha dzina pa thiransifoma yanu, ndikukhulupirira palembedwa Dyn11 monga zambiri za kuno. D ameneyo akutanthauza kuti makoilo a mbali ya 11 kV analumikizidwa fezi ndi fezi, popanda wopita kunthaka. Choncho waya wa fezi imene fyuzi yake yapsa sunafe ayi. Magetsi amachoka ku mafezi amoyo, kudutsa m'makoilo, kulowa mu waya wodukawo, n'kutsikira kunthaka kudzera mu kapasita ya kebulo ija. Koilo ndi kapasita zakhala pa mzere umodzi, ndipo palibe chogwira voliteji ya fezi imeneyo kuti ikhazikike.

Apa ndi pamene chitsulo cha mkati mwa thiransifoma chimalowererapo. Chitsulocho chimanyamula maginito mpaka mlingo wina wake, kupitirira apo chimakhuta. Chisanakhute, koilo imakaniza magetsi kwambiri. Chikangokhuta, kukanizako kumagwa mwadzidzidzi, kapasita imakhuthulira mphamvu yake yonse m'koilo n'kudzazanso mozondoka, kenaka zimabwerezanso. Voliteji ya fezi yotseguka imatha kukwera kawiri kapena katatu, nthawi zina kuposa apo. Kubangula kuja n'chitsulo chikunjenjemera chifukwa chokhuta. Alesita inapangidwa kuti imeze mphenzi ya kamphindi kochepa, ndiye ikamameza voliteji yokwera kwa mphindi zambiri imatentha mpaka kuphulika. Ambiri amangoti yawombedwa ndi mphenzi, makamaka kuno ku Mzuzu kumene mvula siisowa.

Tiwerengere pa malo anuwo. Kebulo ya 11 kV ya saizi yapakati imakhala ndi kapasita ya pafupifupi 0.3 µF pa kilomita pa fezi iliyonse, ndiye mamita 600 ndi 0.18 µF. Voliteji ya fezi kupita kunthaka ndi 6,350 V. Magetsi amene kebulo imakoka, Ic, ndi awa:

```
Ic = 2 × π × 50 × 0.18e-6 × 6350 ≈ 0.36 A
```

Thiransifoma ya 200 kVA ikasenza katundu wodzaza imakoka 10.5 A ku mbali ya 11 kV. Ikakhala yopanda katundu imakoka kochepa kongodzutsira maginito, tinene gawo limodzi pa 100, amene ndi 0.1 A. Lamulo lakale la mainjiniya pa makoilo a D limati, kuti mtima ukhale m'malo, magetsi a kebulo asapitirire gawo limodzi pa 40 la magetsi odzutsira maginitowo. Kwa inu ndiye kebulo ya mamita anayi kapena asanu okha. Inu muli ndi 600. N'chifukwa chake sindingakuuzeni kuti mufupikitse kebulo, sizingathandize. Ndipo mathiransifoma atsopano osataya mphamvu amakoka pang'ono kuposa apa, motero amagwidwa msanga kuposa akale.

Chimene chimaziziritsa kugwedezekaku ndi katundu, kutanthauza zipangizo zimene zikukoka magetsi. Mkati mwa sabata, fyuzi yomweyo ikanapsa makina akuzungulira, mukanaona vuto lina: fezi imodzi ya 230 V ikanakhala bwino, ziwiri zikanagwa kufika cha m'ma 115 V, magetsi akanachita chizimezime. Kusiyanitsa kwake n'kumeneko. Mababu akachita mdima ndiye kuti fezi yangosowa. Akawala mopitirira n'kumaphethira, mita ikulumphalumpha, thiransifoma ikuchita phokoso ngati mwaponyamo miyala, ndi feroresonansi. Zikatero musayandikire thiransifoma kapena malekezero a kebulo. Imbirani foni amagetsi kuti adzadule mafezi otsalawo mwamsanga, ndipo muwauze za phokosolo.

Pali chizolowezi chimene chimandidetsa nkhawa. Amagetsi akabwera ndi ndodo yawo kudzatseka mafyuzi pa polo kuti magetsi ayake, eni malo amathamangira kuzimitsa swichi yaikulu kuti ateteze makina awo. Koma ndi ndodo mafyuzi amatsekedwa imodzi imodzi, ndiye pakati pa yoyamba ndi yachitatu thiransifoma imakhala yopanda katundu, mafezi ena ali otseguka. Mwaiyalira nokha mphasa feroresonansi. Chimodzimodzi kachipangizo kozimitsa zonse fezi ikasowa: kamapulumutsa mamota, koma thiransifoma kamaisiya yokha yopanda choiziziritsa.

Mankhwala enieni ali pa malo otsekera ndi kutsegulira magetsi. Njira imene ine ndingasankhe ndi kuika swichi ya 11 kV pafupi ndi thiransifoma, yotseka ndi kutsegula mafezi atatu nthawi imodzi, ya mtundu umene fyuzi imodzi ikapsa kamsomali kake kamatuluka n'kugwetsa mafezi onse. Poyatsa, mumayamba mwatseka mafyuzi a pa polo swichiyo ili yotsegula, kuti kebulo idzaze yokha, kenaka mutseke swichi. Pozimitsa mumayambira ku swichi. Koma dziwani malire ake: fyuzi ya pa polo ikapsa yokha usiku, monga Lamlungu lija, kebulo idakali yolumikizana ndi thiransifoma, swichiyo siithandiza. Ndiye mafyuzi a pa polo akhale aakulu mokwanira kuti vuto la thiransifoma lipsereze a pa swichi poyamba, a pa polo atsale oteteza kebulo basi. Kumene ndalama zilipo, pa polo pomwepo pamayenera chodulira mafezi atatu pamodzi. Zimenezi ndi za mbali ya 11 kV, mukambirane ndi a ESCOM ndi injiniya wovomerezeka, musakhudzepo nokha.

Podikira swichiyo, gwiritsani ntchito katundu wotenthetsa, monga mahita ndi magiza, osati mamota, chifukwa mota imapsa ikalandira mafezi awiri. Mlingo wosamala ndi gawo limodzi pa 10 la mphamvu ya thiransifoma, kwa inu 20 kW, yogawidwa mofanana pa mafezi atatu. Ngati muli ndi mahita oumitsira matabwa, akhale olumikizidwa pamene mafyuzi akutsekedwa, makompyuta ndi mamota zili zozimitsa, mutagwirizana ndi amene wagwira ndodoyo. Ngati pa bolodi yanu pali makapasita okonzera magetsi, amenewo achotsedwe kaye pa nthawi imeneyo.

Thiransifoma ya panoyo muiyezetse mafuta ndi mphamvu ya zokutira makoilo, muonetsenso malekezero a kebulo mbali zonse ziwiri. Maalesita musinthe onse atatu, chifukwa awiri otsalawo nawonso anatenthedwa usiku umenewo ngakhale akuoneka abwino kunja.